Phukusi la ndiwo likutuluka koma phindu latsika, ndalakwitsa pati?

Mayi wa usipa, M'baluku: Anzanga ndithandizeni. Ambiri amagula usipa wa K1,000 n'kumapita, tomato n'kukagula kwina. Ndiye ndinayamba kumanga pamodzi usipa, mulu wa tomato wa K500, anyezi wa K200 ndi katchubu ka mafuta ka K300. Zonse ndi K2,000, koma ndikugulitsa K1,700. Zikutuluka kwabasi, koma madzulo ndikawerenga, ndalama yokapikulira ikuperewera.

Bambo wa okala, Namwera: Amayi, kwezani usipawo basi, zinthu zadula paliponse.

Mayi wa usipa, M'baluku: Ayi bambo, ndikakweza ndekha anthu angosunthira pa benchi ya mnzanga. Vuto lili pa phukusili.

Agogo a golosale, pa boma: Mwanawe, chilichonse umapikula pa zingati?

Mayi wa usipa, M'baluku: Usipa K800, tomato K350, anyezi K120, mafuta K250.

Agogo a golosale, pa boma: Ndiye taona. Zonse wapikula K1,520. Pa K1,700 watsala ndi K180, pomwe usipa wokha umakupatsa K200. Ukunyamula katundu munayi kuti upeze zochepa kuposa za katundu mmodzi, ndipo jumbo sitinaiwerengere. Komanso amene ankagula kale zonse zinayi pa K2,000 ankakusiyira K480, lero ukuwabwezera K300 asanakupemphe. Bwerera pa K2,000, pepala limodzi, palibe zosakasaka chenji. M'malo motsitsa mtengo, ponyapo basela wa tsabola kapena tomato mmodzi wopsa kwambiri amene mawa ukanamutaya. Wogula amaona ndi maso kuti wapatsidwa, iwe zakudyera mwina K50.

Mchemwali wa chambo, Makawa: Zoona agogo, koma ine kumangiratu ndinasiya. Kutentha kwa kuno tomato akakhala mu jumbo kuyambira m'mawa, pofika masana watuluka madzi, usipa wanyowa n'kuyamba fungo. Ndinatayapo maphukusi asanu tsiku limodzi, mtima unandiwawa. Pano ndimangofunsa ndikukulunga nsomba kuti, "Tomato alipo kunyumba?" Ambiri amaima kaye n'kunena kuti ikaniponi. Ukafunsa atalandira kale chenji, ndiye kuti wachedwa.

Bambo wa okala, Namwera: Ine mwezi wa Ramadani ndimaika shuga, masamba a tiyi ndi mkaka pamodzi, ndipo kutsitsa mtengo kumandikokera anthu.

Agogo a golosale, pa boma: Kumakoka ndithu achimwene, koma tsitsani pa chinthu cha phindu lonona. Apapa pa mafuta pali K50 yokha, mudulapo chiyani? Ngati mayiwa akufunitsitsa kutsitsa mtengo, asatsike kupyola K1,900. Atsala ndi K380.

Mayi wa usipa, M'baluku: Mawa ndiyesa K2,000 ndi basela, ndizimanga wogula ali pomwepo. Chikundidetsa nkhawa ndi nthawi ya mwera, usipa ukasowa n'kukwera kunyanja. Ndidzachepetse mulu kapena ndidzakweze phukusi?

Mchemwali wa chambo, Makawa: Ine ndimachepetsa mulu, koma makasitomala akale amazindikira msanga ndipo amadandaula.