Zatheka: indakishoni ndaimvetsa

Ndidafunsa za indakishoni, njira yamasamu yotsimikizira mfundo pa n = 1 kenako kuchoka pa k kufika pa k + 1, kuti: "Chithunzi cha madontho chikuti 1 + 3 + 5 + ... + (2n − 1) = n². Nanga indakishoni ilowa pati?"

Zikomo nonse. Ndidatsata malangizo a mayi wina mphunzitsi, oti ndiyale zitsekerero za mabotolo patebulo. Poyambira mpa n = 1: chitsekerero chimodzi, 1 = 1².

Sitepe yotsatira ndiyo inkandizunguza mutu. Ndidayala sikweya ya 3 × 3, zitsekerero 9. Kuti ikule, ndidaika 3 kumanja, 3 pamwamba, chimodzi pangodya, zonse 7, nkukwana 16. Sikweya ya k iliyonse imafuna 2k + 1, yomwe ndi nambala yotsatira pamndandanda wa 1 + 3 + 5 uja, motero k² + 2k + 1 = (k + 1)².

Chenjerani, chithunzicho chimangoonetsa k = 3. Polemba umboni ikani k, osati nambala.