Zomwe ndinapeza wophunzira atandifotokozera yekha

"Ndingadziwe bwanji ngati wophunzira wanga wamvetsadi masilaidi a kayendetsedwe ka pulojekiti, osati kungoloweza?"

Limeneli ndi funso lomwe ndinafunsa masabata awiri apitawo, ndipo ndatsatira malangizo omwe ndinapatsidwa oti wophunzirayo atseke masilaidi n'kundifotokozera yekha. Matanthauzo anawatchula bwinobwino, koma nditamupatsa chitsanzo, zinaoneka kuti pali zomwe sanamvetse. Ndinati kukumba maziko kumatenga masiku 4, kumanga khoma masiku 6 pambuyo pake, pomwe kugula malata kumatenga masiku 3 ndipo kungayambe tsiku loyamba lomwelo. Nditamufunsa kuti denga, lomwe limadikira khoma ndi malata, lingayambe liti, iye anati patatha masiku 13, chifukwa anangophatikiza zonse, osaona kuti malata amagulidwa ntchito zinazo zili mkati.

Sindinamuuze yankho, ngakhale kuti pakamwa panandiyabwa. Ndinamufunsa chomwe chingachitike malata atachedwa ndi masiku 5. Atajambula mizere papepala, anaona yekha kuti denga liyambabe patatha masiku 10, popeza malata ali ndi mpata wa masiku 7, pomwe khoma likachedwa ngakhale tsiku limodzi, ntchito yonse imachedwa. Mawa lake ndinasintha manambala, ndipo anapeza yankho popanda thandizo langa.