Zotsatira za magazi: chifuwa chokha kapena fupa?

Munafunsa za zotsatira za magazi anu kuti: "Ndayezetsanso, maselo oyera atsika kuchoka pa 15 kufika pa 3, hemogulobini ili pa 8, mapulateleti 60. Kodi ndachira?"

Ayi. Poyamba 15 ija, maselo oyera a mtundu wa manyutirofilo atachuluka, inkaloza mabakiteriya. Chikanakhala chifuwa chosagwirizana ndi zinthu kapena njoka za m'mimba, akanakwera ndi maselo oyera a mtundu wina, maeyosinofilo, kupitirira 0.5.

Chodetsa nkhawa n'chakuti mitundu itatu yonse ya maselo, oyera, ofiira okhala ndi hemogulobini ndi mapulateleti othandiza magazi kuundana, yatsikira limodzi: oyera ayenera kukhala 4 mpaka 11, mapulateleti 150 kupita m'mwamba. Onsewa amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, ndiye akagwa pamodzi timakayikira kumeneko, ngakhale malungo, HIV, kapamba wotupa ndi kusowa kwa vitamini B12 zimachitanso zomwezo. Pemphani adokotala aone magazi pa maikulosikopu ndi kuwerenga maretikulosaiti, omwe ndi maselo ofiira atsopano. Mukamva kutentha thupi kapena nkhama zikamatuluka magazi, pitani kuchipatala lero lomwe.