Kope la mmene ndaswerera: mwezi ukatha ndiziliona bwanji?

Mayi a ku Chitakale: Abale thandizeni. Madzulo aliwonse ndimalemba m'kope nambala ya mmene mtima uliri, 1 mpaka 5, ndi chomwe ndikuthokoza. Juni watha, koma pafupifupi ponse ndi 3, pothokoza pangodzaza "moyo, banja, moyo". Ndiphunzirapo chiyani pamenepa?

Achimwene a ku Luchenza: Wonkhetsani manambala onse mugawe ndi 30. Ikaposa 3, mwezi wayenda bwino.

Amayi a ku Bvumbwe: Ayi achimwene, kugawako kumabisa zambiri. Munthu wa masiku 15 a 5 ndi masiku 15 a 1 apezanso 3, chimodzimodzi ndi amene mwezi wonse anali phee.

Achemwali, vuto layambira pa mafunso. Pa chikuto cha kope lembani tanthauzo la nambala: 1 ndalephera ntchito, 3 ndagwira koma mokakamiza, 5 ndagwira mtima uli myaa. Mukapanda kutero dzanja limangothawira pa 3. Tsiku lililonse, nthawi imodzimodzi, yankhani zitatu: nambala ndi iti, chayikweza kapena kuyitsitsa n'chiyani, ndagona maola angati. Pothokoza musafunse kuti "ndikuthokoza chiyani", funsani kuti "lero chandiyendera n'chiyani, ndipo chayenda chifukwa cha ndani". Zizituluka ngati "anansi andisungira mwana ndili ku chigayo". Mu kafukufuku wa 2005 wa Seligman, katswiri wa za maganizo wa ku America, anthu ankalemba zabwino zitatu usiku uliwonse kwa sabata imodzi, chilichonse ndi chifukwa chake.

Mwezi ukatha zungulizani masiku okhawo omwe munalemba 1 kapena 2, muwerenge mzere wa tsikulo ndi wa dzulo lake. Tinene kuti mwapeza asanu: atatu atsatira usiku womwe munagona maola osakwana 6, awiri agwa tsiku lokabweza ngongole ku banki m'khonde. Sankhani chimodzi, monga tulo, muchisinthe mu Julayi. Mukasintha ziwiri simudziwa chathandiza.

Bambo a ku Limbuli: Ine zanga ndimalemba m'foni, za malonda a nthochi. Zikatsika ndimadziwa kuti ndi nyengo.

Mayi a ku Chitakale: Si za ndalama bambo, koma zanyengozo mwandikumbutsa. Masiku a chiperoni ndizilembanso? Nanga omwe ndinadumpha?

Amayi a ku Bvumbwe: Ikani "C" pambali, koma mwezi umodzi sungakuuzeni kuti ndi chiperonicho, kudikira Julayi. Odumphawo asiyeni opanda kanthu, chifukwa mukadzaza lero mulemba mtima wa lero. Ingoonani ngati mumadumpha zikavuta. Koma 1 ndi 2 zikatsatana masabata awiri, kudya ndi tulo zasokonekera, musadikire kutha kwa mwezi, tengani kopelo ku chipatala. Maganizo odzipha akabwera, pitani tsiku lomwelo.

Achimwene a ku Luchenza: Ndamva, komabe kuthokoza tsiku lililonse kumatopetsa, n'chifukwa chake "moyo" akubwerezabwereza. Lamulungu lokha silingakwane?

Amayi a ku Bvumbwe: Ena zimawayendera choncho. Koma nambala yokha ikhale ya tsiku ndi tsiku.