Gulu la banja: za inshuwalansi ya maliro ija

Achemwali a ku Blantyre: Mwaswera bwanji nonse. Ndapita ku ofesi ya inshuwalansi ija lero, mapepala ndatenga. Ine ndikhala mwini pulani. K8,000 pamwezi ikukwanira ine, bambo a kunyumba ndi ana. Kuwonjezerapo amayi ndi K6,000, amalume K7,000. Zonse pamodzi K21,000. Tikakhala anthu 7 aja tinagwirizana, aliyense K3,000 pamwezi.

Achimwene aakulu: Tisanayambe zatsopano tione kaye amene sanapereke za thumba la banja. Ndakhala ndikunena.

Azakhali: Zikomo mwanangu potiyendera. Koma agogo anu sindinawamve pamenepo.

Achemwali a ku Blantyre: Azakhali, agogo awakana. Pepala lawo likuti munthu wolowa kumene asapitirire zaka 75, ndiye agogo ali ndi 83. Amene walowa asanafike 75 amakhalabe m'menemo ngakhale akalambe bwanji, bola tizilipira. Koma kulowa kumene ndi zaka zimenezo ayi.

Msuweni wa ku Lilongwe: Bwanji tingolemba kuti ali ndi 74? Ndani akawawerengere zaka kumudzi?

Achemwali a ku Blantyre: Ayi asuweni, tisayese. Polembetsa akufuna chitupa cha unzika cha munthu aliyense, ndipo tsiku la zovuta amayerekeza chitupacho ndi chikalata cha imfa. Akapeza kuti zaka tinanama atha kukana kulipira, ife titapereka kwa zaka zambiri. Za agogo zikhale za thumba lathu lija.

Achimwene aakulu: Thumba lake liti? Muli K140,000 yokha. Anthu 4 sanapereke kuyambira Okutobala. Akudzidziwa.

Alamu a ku Zomba: Ife tinatumiza pa Mpamba mwezi watha achimwene, muone bwino.

Achimwene aakulu: Inu alamu sindikunena inu.

Amalume: Ana anga, ndikuwerenga zonse. Musachite manyazi kukamba za ine ndili pompano. Ndili ndi zaka 72, ndipo ndinaona mmene munavutikira pa maliro a mng'ono wanga chaka chatha. Funso langa ndi ili: mukalipira mwezi uno, ine n'kutsikira kuli chete mwezi wamawa, apereka?

Achemwali a ku Blantyre: Amalume, Mulungu akusungeni. Koma yankho lake ndi ayi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna aliyense amvetse. Pali nthawi yodikira ya miyezi 6. Tikalipira koyamba pa 1 Malichi, miyezi 6 ikutha pa 31 Ogasiti. Munthu akatisiya chifukwa cha matenda kapena ukalamba pakati pamenepa, salipira ndalama ya maliro. Kuyambira pa 1 Seputembala ndiye alipira yonse. Imfa ya ngozi yokha, monga ya pamsewu, ndi imene amalipira kungoyambira pamene talipira koyamba.

Azakhali: Ndiye miyezi 6 tizingowapatsa ndalama zaulere?

Achemwali a ku Blantyre: Ndinafunsa zomwezo azakhali. Pulani imeneyi sayeza munthu kuchipatala polowa. Pakanapanda kudikira, aliyense bwenzi akuthamangira kukalembetsa m'bale wake atagonekedwa kale, n'kulipira K7,000 kamodzi, n'kulandira K1,000,000. Ndalama za anthu ena onse zikanatha. Ndiye m'malo moyeza magazi, amadikira.

Achimwene a ku Joni: Kunonso ndi chimodzimodzi. Kuno lamulo limati nthawi yodikira pa imfa ya matenda isapitirire miyezi 6, ya munthu wodzipha isapitirire miyezi 12, ndipo pa ngozi pasakhale kudikira. Achemwali muone pepala lanu pa nkhani ya kudziphayo, kawirikawiri imakhala ndi nthawi yakeyake.

Achemwali a ku Blantyre: Ilipo achimwene, apanso alemba miyezi 12.

Mzime: Pepani kudula nkhani, kodi amene akupita kumudzi sabata ino ndani? Amayi akuti feteleza wachiwiri sanafike, chimanga chayamba kuchita chikasu.

Alamu a ku Zomba: Ife tipita Loweruka. Thumba limodzi tingathe kunyamula.

Msuweni wa ku Lilongwe: Mukafike nawo kwa agogo, denga la khitchini likudontha. Mvula ya ku Ntcheu chaka chino si yamasewera.

Azakhali: Alamu mundinyamulireko mbatata pobwera.

Achimwene aakulu: Feteleza, denga, mbatata. Koma anthu 4 sanapereke za thumba kuyambira Okutobala. Ndiye anthu omwewa akwanitsa K3,000 mwezi ndi mwezi?

Achemwali a ku Blantyre: Apa achimwene akunena zoona, ndipo zikundidetsa nkhawa. Thumba la banja munthu ukadumpha mwezi, ndalama zimene zilimo zimakhalabe. Inshuwalansi si choncho. Pepala likuti tsiku lolipira likadutsa amatipatsa masiku 30 oti tikonze. Akatha masiku amenewo osalipira, pulani yafa. Zimene tinapereka kale sabweza, chifukwa si ndalama zosunga. Ndipo akuti tikadzafuna kuyambiranso atha kutiwerengera miyezi 6 ina yodikira. Tangoganizani, talipira zaka 3, n'kulephera miyezi iwiri, zovuta n'kugwa mwezi wachitatu. Palibe chimene tingalandire. Komanso amalume akadzakhala atapitirira 75 nthawi imeneyo, sangalowenso n'komwe.

Azakhali: Zija zinachitika kwa apongozi anga ndi zomwezo. Mwana wawo anasiya ntchito, ndalama inkadulidwa kumalipiro, iye osadziwa kuti yasiya kupita. Anakazindikira ali kale pa ofesi ndi chikalata cha imfa m'manja.

Achemwali a ku Blantyre: N'chifukwa chake ndikupempha kuti ndalama zizifika kwa ine pofika pa 25, kuti pa 1 kubanki azipeza K21,000 yokwana. Ikaperewera ngakhale K3,000 ya munthu mmodzi, banki siidula theka, imangobweza yonse. Ine ndekha sindingamakwirire mwezi uliwonse, inunso mukudziwa mmene zinathera ulendo uja.

Achimwene aakulu: Tikudziwa. Ena anazimitsa mafoni mpaka tinaika maliro.

Amalume: Zakale zisiyeni. Mwanawe, tandiuza za ndalama imene amapereka.

Achemwali a ku Blantyre: Aliyense ali ndi malire ake amalume. Ine ndi bambo a kunyumba K2,000,000 aliyense. Amayi K1,500,000. Inu, poti mukulowa ngati wachibale wowonjezera, malire ake ndi K1,000,000, ngakhale titafuna kulipira zambiri salola kupitirira pamenepo. Ana amalandira zocheperapo malinga ndi msinkhu. Ndiye ndatenga kope la maliro a chaka chatha kuti tiyerekeze. Bokosi K650,000. Kukonza thupi K120,000. Galimoto kuchoka ku Blantyre kukafika kumudzi K480,000. Ufa, ndiwo, nkhuni, shuga ndi chakudya cha adzukulu K700,000. Zonse K1,950,000. Inshuwalansi ikanapereka K1,000,000, ife tikanasakabe K950,000. Ndipo imeneyo ndi mitengo ya chaka chatha. Bokosi limakwera mtengo, koma K1,000,000 yolembedwa papepala imakhala yomweyo pokhapokha titakweza pulani n'kumalipira zambiri.

Mzime: Ine ndimaganiza kuti akalowa inshuwalansi ndiye kuti zonse amachita okha.

Achemwali a ku Blantyre: Ayi mng'ono wanga. Iyi amangopereka ndalama imene yalembedwa, kwatha. Zotsala ndi zathu ndi chipepeso cha anthu. Thumba la banja lisafe ayi. Ndi limene lidzaone za agogo, za miyezi 6 yodikirayi, ndi zoperewera.

Achimwene aakulu: Ndi zimene ndikunena kuyambira m'mawa. Thumba. Anthu 4.

Azakhali: Nanga mwana wa malemu uja ukumusunga, ali m'gulu la ana ako?

Achemwali a ku Blantyre: Mwandikumbutsa azakhali, ndinatsala pang'ono kulakwitsa pamenepa. Ine ndimamuona ngati wanga, koma kwa iwo mwana ndi wobereka wekha, wa mwamuna kapena mkazi wako, kapena amene unamutenga mwalamulo. Wa achemwali anga ayenera kulembedwa dzina lake payekha ngati wachibale, apo ayi tsiku lovuta adzati sakumudziwa. Ndifunsa mtengo wake mawa, ndipo imeneyo ndilipira ndekha. Chinanso, mwana amatuluka m'pulani akakwana zaka 21, kapena 25 ngati akadali pasukulu ndipo pali kalata ya kusukuluko. Wanga woyamba akwana 21 mu Novembala.

Msuweni wa ku Lilongwe: Nanga amene ali ndi makomo awiri?

Achemwali a ku Blantyre: Pulani imadziwa mkazi kapena mwamuna mmodzi, amene dzina lake lalembedwa. Winayo alembedwe payekha ndi ndalama yake.

Msuweni wa ku Lilongwe: Ndangofunsa chabe.

Alamu a ku Zomba: Achimwene a ku Joni, inu muli nayo kale kumeneko. Simungangowonjezera amayi pa yanuyo? Randi ndi yamphamvu.

Achimwene a ku Joni: Ndinayesa alamu. Pepala langa likuti anthu olembedwa akhale okhala kuno ku South Africa, ndiye amayi sangalowe. Kuno malire a pulani ya maliro ndi R100,000 pa munthu mmodzi, mwana wosakwana zaka 6 ndi R20,000, wa zaka 6 mpaka 13 ndi R50,000. Yanga ndi ya R30,000 chabe, ndipo ndikuona kuti mbali yaikulu ingathere pa kunyamula thupi kubwera kumudzi. Musadalire kuti padzatsala zambiri. K3,000 yanga ndizitumiza pa Mukuru ya miyezi 6 nthawi imodzi, K18,000, kuti ndisamaiwale.

Achemwali a ku Blantyre: Zikomo achimwene. Amene angathe kutero atero. Chinanso, ndalama imatuluka mapepala akakwana: chitupa cha malemu, chitupa changa, ndi umboni wa imfa. Zovuta zikagwera kumudzi osati kuchipatala, pafunika kalata ya amfumu msanga. Tizidziwiratu kuti bokosi tingafunike kugula ndi ndalama zathu kaye, iwo n'kubweza pambuyo.

Amalume: Chitupa changa ndipereka kwa alamu Loweruka akajambule. Cha mayi anu chili m'chikwama chawo cha ku tchalitchi. Ndipo K3,000 ya mwezi woyamba ndipereka nawo, ndagulitsa nkhuku.

Azakhali: Achimwene, inu musapereke. Ana alipo.

Amalume: Ndipereka.

Achemwali a ku Blantyre: Ndiye amene atsimikiza: ine, achimwene aakulu, achimwene a ku Joni, alamu, mzime. Asuweni muli nafe?

Msuweni wa ku Lilongwe: Ndili nanu, koma ndiyamba mwezi wa Epulo. Malichi pali fizi.

Achemwali a ku Blantyre: Chabwino, ya Malichi amalume atseka. Watsala mmodzi. Achimwene a ku Mzuzu uthenga akuwerenga koma chiyankhireni Lolemba sanayankhe. Tikakhala 6 ndiye kuti aliyense K3,500.

Mzime: Ndawaimbira kawiri, sikulowa.

Achimwene aakulu: Ndi mmodzi mwa anthu 4 aja. Ndiwaimbira ndekha usiku uno. Inu lembani K3,500.