Gudiwilu ya esiteti ya tiyi ikukana kugwirizana ndi oditala

Chikondi wa ku Luchenza: Akuluakulu, ndithandizeni ndisanachite manyazi Lolemba. Kampani yathu inagula masheya 80 pa 100 alionse a kaesiteti ka tiyi kufupi ndi Muloza. Tinalipira K400 miliyoni, maloya ndi oyesa mitengo anadya K12 miliyoni. Mabuku a esitetiyo ankaonetsa katundu wa K300 miliyoni ngongole zitachotsedwa. Ine ndinaphatikiza 400 ndi 12, ndikuchotsa 300, gudiwilu K112 miliyoni. Oditala wazungulira nambalayo ndi cholembera chofiira, walemba "ayi", kenako akufunsa pepala la impeyamenti, loyeza ngati mtengo wa gudiwiluyo sunatsike. Chaka sichinathe n'komwe chigulireni. Ndaphonya pati?

Che Lipenga: Mwaphonya poti mwachotsa 300 yonse chikhalirecho munagula 80 yokha. Chotsani 240. Gudiwilu ndi 160, kapena 172 ndi za maloyazo. Mukatero gawani pa zaka 10, nkhani yatha.

Nambewe wa pa Chitakale: Ine ndimadziwa kuti gudiwilu ndi ndalama yomwe umapatsa mwini shopu kuti akusiyire malo. Mlamu wanga analipira K2 miliyoni pa golosale pano, lisiti palibe. Kodi nayonso imalowa m'mabuku?

Mayi Phiri, Thyolo boma: Nambewe, mlamu wanuyo ngati anagula malo okha opanda bizinesi, imeneyo ndi nkhani ya lendi. Tidzaikambe padera.

Chikondi, choyamba chotsani za maloya. Pa IFRS 3, lamulo la akaunti lokhudza kugula makampani, ndalama zoyendetsera kugula sizilowa mu mtengo wogulira, zimapita ku zowonongedwa za chaka chimenecho. K12 miliyoni idye phindu basi, abwana adandaule.

Chachiwiri ndi 300 ija. Che Lipenga akhoza pa nkhani ya 80, koma nawonso atenga nambala ya m'mabuku a wogulitsa. Chomwe timachotsa ndi mtengo weniweni wa katunduyo pa tsiku lomwe munayamba kulamulira kampaniyo. Maesiteti akunowa minda yawo inalembedwa pa mitengo yamakedzana, kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mitengo ya tiyi yobzalidwa m'mindamo nayo ndi katundu, imakhala pa lamulo la IAS 16 ngati makina. Lipoti la oyesa mitengo munawalipira aja likuti chiyani?

Chikondi wa ku Luchenza: Ndalipeza mudilowa ya abwana, likadali mu envulopu yake. Akuti mitengo ya tiyi ndi nyumba zofotetsera masamba n'zokwera ndi K100 miliyoni kuposa m'mabuku. Ndiye katundu ndi 400?

Mayi Phiri, Thyolo boma: Pang'ono chabe. Mwakweza katundu ndi 100, koma ku MRA mtengo wake sunasinthe, choncho pabadwa ngongole ya msonkho wam'tsogolo. Pa 30 peresenti ndi K30 miliyoni. Katundu atsala 370. Eni masheya otsala aja, ngati mukuwayeza ndi gawo lawo la katundu, ndi 20 peresenti ya 370, yomwe ndi 74.

```
400 + 74 - 370 = 104
```

Gudiwilu ndi K104 miliyoni. Musasangalale kuti 112 yanu inali pafupi. Zolakwa zanu zinangophana zokha, china chikukokera kumwamba china pansi. Chiopsezo chake n'chakuti mukasiya 100 ija mu gudiwilu, nyumba ndi mitengo ya tiyi zimaperewera dipulisiyeshoni chaka ndi chaka, phindu la gulu lonse n'kumaoneka lonenepa.

Funsaninso ngati pali kontilakiti yogulitsa tiyi kwa wogula wina wake kwa zaka zingapo. Ngati ilipo, imayenera kupatsidwa mtengo wake payokha, gudiwilu itsikenso. Muli ndi miyezi 12 kuchokera tsiku logula yokonzera manambalawa, malinga ngati zinthuzo zinalipo kale tsikulo.

Che Lipenga: Chabwino mayi, za msonkho ndagonja. Koma zogawa pa zaka 10 sindinazitole m'thengo. Ndakhala ndikutero ku kampani yathu ndipo oditala sanatsutsepo.

Mayi Phiri, Thyolo boma: Simunazitole m'thengo, achimwene. Inu muli pa IFRS for SMEs, kumene gudiwilu imadyedwa pang'onopang'ono, ndipo ngati simungathe kudziwa bwino zaka zake simupyola 10. Anzathuwa oditala akufunsa pepala la chaka ndi chaka, ndiye kuti ali pa IFRS yonse. Kumeneko kugawa kunatha mu 2004. M'malo mwake IAS 36, lamulo la impeyamenti, imati muyeze chaka chilichonse, kaya pali vuto kaya palibe, ndipo gudiwilu yogulidwa chaka chino iyezedwe chaka chisanathe.

Chifukwa chake n'chosavuta. K104 miliyoni ija simungailoze ndi chala. Ndi ndalama yomwe abwana anu anawonjezera pokhulupirira kuti esitetiyo ibweretsa zambiri: mbiri yake, akapitawo odziwa ntchito, masamba oti adzadzaze fakitale yanu. Singagulitsidwe payokha, sibweretsa ndalama payokha. Ikapanda kuyezedwa ikhoza kukhala m'mabuku zaka 20 chikhulupiriro chija chitafa kale. N'chifukwa chake timaiyeza pamodzi ndi esiteti yonse yomwe imabweretsa ndalamayo.

Gondwe: Ine zinandionekera mu 2023. Tinagula kampani ya malole mu Januwale, mu Malichi namondwe Freddy wakokolola milatho, malole atatu anakhala miyezi osayenda. Tinadula gudiwilu theka. Chaka chotsatira bizinesi inadzuka, ndinafuna kuibwezeretsa, oditala anangoseka. Ya gudiwilu ikadulidwa sibwerera. Choncho Chikondi, musadule mwaphuma kuti oditala achoke msanga.

Chikondi wa ku Luchenza: Ndayesa usiku wonse. Pakutha kwa chaka katundu wa esiteti ndi 360. Ndalama zomwe tikuyembekeza, nditazibweza pa mtengo wa lero, zikukwana 450. Ndiye 360 kuphatikiza 104 ndi 464, kutaya ndi 14. Eti?

Mayi Phiri, Thyolo boma: Apa ndi pomwe ambiri amagwa, ngakhale pa mayeso. 450 ija ndi ya esiteti yonse, koma 104 ndi gudiwilu ya gawo lanu lokha. Ikwezeni kaye ifike pa 100 peresenti.

```
104 / 0.8 = 130
360 + 130 - 450 = 40
40 x 0.8 = 32
```

Kutaya konse ndi 40, kumayamba kudya gudiwilu, ndipo m'mabuku mwanu mulowa 32. Gudiwilu itsala 72. Koma musanalembe, onani ngati esitetiyo ingagulidwe pa mtengo woposa 450 mutachotsa zolipira pogulitsa, chifukwa timatenga chachikulu pa ziwirizo.

Chondikayikitsa ine ndi 450 yanuyo. Mwagwiritsa reti yanji pobweza ndalamazo pa mtengo wa lero? Pa 30 peresenti, K100 miliyoni yobwera chaka chachisanu lero ndi K27 miliyoni yokha, ndiye kusuntha reti pang'ono kumagwedeza yankho lonse. Ndipo ngati mwaikamo zokolola za mthirira womwe abwana akungoulota, zichotseni. Timayeza esiteti mmene ilili lero.

Che Lipenga: Tiyi amagulidwa m'madola ku okushoni ya ku Limbe. Bwanji osawerengera m'madola ndi reti yotsika, nambala ikwere?

Gondwe: Zogulitsa ndi madola, inde, koma malipiro a othyola masamba, magetsi ndi nkhuni ndi makwacha. Mukaika reti ya dola pa zonse mwadzinamiza.

Mayi Phiri, Thyolo boma: IAS 36 imati ndalama iliyonse iwerengedwe ndi reti yoyenera ndalamayo, kenako musinthe pa mtengo wa tsiku loyezera. Pa pepala n'zomveka. Koma reti yoyenera dola yolowa m'kampani ya ku Mulanje, ine ndi oditala wathu tinakangana masabata awiri osagwirizana.

Chikondi wa ku Luchenza: Ndinaika 22 peresenti pa zonse, m'makwacha. Mthirira nawo ulimo, chaka chachitatu. Ndikauchotsa, 450 igwa, ndipo abwana sanamve n'komwe za 32. Mayi Phiri, foni yanu ikhala yotsegula Lamlungu madzulo?