Munthu akungotumiza "Moni" kambirimbiri osanena chomwe akufuna, nditani?

Membala wosatchula dzina: Abale anga ndithandizeni nzeru. Pali munthu wina amene amanditumizira "Moni" pa WhatsApp. Osati kamodzi ayi. Moni, Moni, Moni, mzere wonse, foni kumangonjenjemera pafupi ndi mutu. Ine ndimagwira ntchito ya usiku ndiye m'mawa ndi pamene ndimagona, komanso foni sindingazimitse chifukwa mwana wanga wamng'ono amadwaladwala, kusukulu akhoza kuimba nthawi ina iliyonse. Foni yakenso batire lake linafooka kale, bambo a kunyumba ndinawauza kalekale koma yankho lawo ndi "mawa" tsiku lililonse, pomwe yawo anasintha osafunsa munthu. Ndikawadandaulira za Moniyu amangoseka, ati "ungoyankha". Kuyankhako ndinkayankha. Ndikalemba "Moni, muli bwanji" amati "bwino", kenako zii. Kukacha wayambiranso. Mng'ono wanga naye akuti ndine wonyada, iye amene sayankha ngakhale meseji ya maliro. Kodi ndipange bwanji kuti zithe popanda kuoneka wamwano?

Chilungamo Basi: BULOKANI. Nkhani yatha. Ena onse amene alembe m'munsimu akungokutayitsani nthawi.

Kamnyamata Kovuta: Moni mayi.

Kamnyamata Kovuta: Moni.

Kamnyamata Kovuta: Moni 😂

Mayi a Mapasa: Iwe mwana iwe, mnzako akulira iwe ukuseka. Achemwali, chenjerani, zimenezo ndi mbava. Ine zinandiyambira choncho. Nambala yachilendo, "Hi", "Hi", ine n'kuyankha mwaulemu. Kenako akuti pepani ndatumiza nambala zisanu ndi imodzi ku foni yanu molakwitsa, tandiwerengereni. Ndinawerenga. Nthawi yomweyo WhatsApp yanga inatuluka m'foni, iwo n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anga m'dzina langa. Azakhali anga anatumizadi, mpaka lero amandiyang'ana ndi diso lina ngati ndinadya nawo.

Wokonza Mafoni: Mayi, musanapange chilichonse tiuzeni zinthu ziwiri. Munthuyu mumamudziwa, nambala yake munasunga? Chachiwiri, taonani nthawi imene yalembedwa pakona pa Moni aliyense. Akufika onse m'mphindi imodzi kapena ziwiri, kapena atalikirana maola?

Chilungamo Basi: Mafunso a chiyani? Kaya amamudziwa kaya samudziwa, munthu wolemba Moni kasanu alibe ulemu. Anthu a masiku ano saphunzira kulemba. Kale munthu polemba kalata ankayamba ndi moni, n'kunena nkhani yake yonse, n'kutsanzika, pepala limodzi. Lero munthu wamkulu ndi ndevu zake akungoti "Moni" n'kumadikira kuti umunyengerere alankhule. Ine wondilembera Moni yekha ndimamupatsa mwayi umodzi. Wachiwiri kulibe.

Agogo a pa Intaneti: Koma bambo inu, moni ndi mlandu? Ife tinaleredwa kuti sungayambe nkhani mnzako asanavomere moni. Mwina munthuyo akudikira kuti amuvomere kaye. Mwana wanga, moni savuta kubweza, bweza basi.

Wongodutsa: Agogo simunawerenge bwino. Wanena kuti amabweza, winayo amangoti "bwino" n'kusowa.

Membala wosatchula dzina: Ndaona nthawi zija. Lero alipo 6 pakati pa 6:02 ndi 6:03, wina 11:40, wina 3:15 masana. Ndipo 6 koloko ndi nthawi yomwe tulo timakhala tangondigwira kumene. Dzulo mpaka ndinakalipira mwana wosalakwa.

Wokonza Mafoni: Ndiye pali zinthu ziwiri zosiyana apa. Asanu ndi mmodzi a m'mawawo akuoneka ngati a netiweki. Munthu akalemba meseji pomwe intaneti ikuvuta, pambali pake pamaoneka kawotchi m'malo mwa tiki. Meseji ija sinatayike, ikungodikira. Koma amene sadziwa amaganiza kuti yalephera, ndiye amalembanso, n'kulembanso. Netiweki ikangobwera, onse amanyamuka limodzi n'kugwera kwa inu nthawi imodzi. Iye kwake akuona ngati wayesetsa kuti umodzi udutse, sakudziwa n'komwe kuti foni yanu yalira kasanu ndi kamodzi. Koma wa 11:40 ndi wa 3:15 amenewo si netiweki. Ameneyo ndi munthu amene akuona matiki awiri, wadziwa kuti zafika, ndipo akugogoda kuti mumuone. Funso loyamba lija simunayankhe, ndi ndani?

Chilungamo Basi: Mwamva? Ngakhale katswiri wanu wavomera kuti akugogoda dala. Bulokani mayi.

Wokonza Mafoni: Sindinanene choncho, achimwene.

Dona wa Ofesi: Njira yake ndi yosavuta. Pitani ku Settings, kenako Privacy, muzimitse Read receipts. Mukatero saonanso kuti meseji yafika, amangoona tiki imodzi, amatopa yekha.

Wokonza Mafoni: Pang'ono pokha asisi. Read receipts imachotsa matiki abuluu okha, aja osonyeza kuti mwawerenga. Matiki awiri otuwa amaonekabe, ndiye adziwabe kuti zafika m'foni. Komanso siisankha munthu, mukazimitsa mwazimitsira aliyense, ndipo inunso simuonanso ngati anzanu awerenga zanu. M'magulu siigwira n'komwe. Ndipo chachikulu, foni izilirabe 6 koloko. Vuto la mayiwa ndi kulirako.

Dona wa Ofesi: Kwa ine zinathandiza ndithu. Wanga anasiya.

Kamnyamata Kovuta: Wanu anapeza wina womupatsa moni.

Mayi a Mapasa: Nanga bwanji palibe akumva zomwe ndanena? Achemwali, akadzangotchula za nambala zisanu ndi imodzi musapereke. Ndiponso tsegulani Two-step verification lero lomwe, muike PIN yanuyanu. Ine ndikanakhala nayo sakanandilowa choncho.

Membala wosatchula dzina: Ayi mayi, si mbava. Ndi alamu anga, akulu awo a bambo a kunyumba. Foni ya WhatsApp angoyamba kumene kugwira.

Wongodutsa: Aaa! Ndiye tonse takhala tikulimbana apa inu mukudziwa kuti ndi alamu anu?

Kamnyamata Kovuta: Alamu 6 koloko m'mawa? Hmm. Ine sindinanene kanthu.

Agogo a pa Intaneti: Khala chete iwe. Munthu wamkulu akupereka moni kwa mkazi wa mng'ono wake, chachilendo n'chiyani?

Chilungamo Basi: Alamu kaya apongozi kaya mfumu, lamulo ndi limodzi. Ine ndinabuloka malume anga enieni ndipo ndimagona tulo tabwino. Vuto lanu anthu inu mumaopa anthu kuposa mmene mumakondera thanzi lanu. Mayiwa akugwira ntchito usiku, mwana akudwala, bambo akuseka, ndiye muziti "bweza moni"? Ndipo bambowo ndi amene ndikanayamba nawo. Mkulu wako akusowetsa mkazi wako tulo iwe n'kumaseka?

Wokonza Mafoni: Kubuloka m'bale kumaonekera, achimwene. WhatsApp simuuza munthu kuti wabulokedwa, zoona, koma zizindikiro amaziona. Meseji zake zimaima pa tiki imodzi mpaka kalekale, chithunzi chanu chimasowa, akaimba sizilowa. Ndiye ngati muli limodzi pa gulu la banja, kumeneko buloko siifika, azikuonani mukulemba bwinobwino pomwe kwake kuli tiki imodzi. Ngakhale wongoyamba kumene akafunsa mwana aliyense amuuza tanthauzo lake. China, zonse zimene angalembe nthawi imene mwamubulokayo sizidzafika, ngakhale mutadzamumasula. Tsiku limene adzakhale ndi uthenga weniweni, wa matenda kapena wa ngozi, udzapita m'madzi.

Mayi, ine ndikanapanga chonchi. Tsegulani macheza anu ndi alamuwo, dinani dzina lawo pamwamba, mupeze pamene pali Mute notifications. Ikupatsani 8 hours, 1 week kapena Always. Sankhani Always. Iwo sauzidwa kanthu, meseji zizifika ndi matiki ake awiri monga kale, koma foni siilira. Mudzaziona mukadzuka. Dziwani kuti zimenezi zimatontholetsa meseji zokha, akaimba foni ilira, ndipo kwa m'bale ndi bwino choncho. Ngati kungoona dzina lawo pamwamba kukukupwetekani mutu, dinikizani machezawo kwa kanthawi musankhe Archive. Amabisika ndipo sabwerera pamwamba ngakhale Moni watsopano afike, bola Keep chats archived ikhale yoyatsa, ili ku Settings pansi pa Chats.

Mlembi Wopuma: Zamabatanizo zili bwino koma munthuyo simunamuthandize. Vuto lina ndi yankho lanu lomwe, mayi. Mukalemba "muli bwanji" mwamupatsa funso loyankhika ndi liwu limodzi, ndiye akati "bwino" nkhani yathera pomwepo. Yankhani kamodzi patsiku, nthawi yanu, ndipo muike zonse mu uthenga umodzi. Mwachitsanzo: "Moni alamu, ndawaona mauthenga anu onse, afika. M'mawa ndimakhala ndikugona chifukwa ndimagwira usiku. Mukakhala ndi nkhani ingolembani yonse pamodzi ndi moniyo, ndikadzuka ndiyankha. Ikakhala yachangu imbani." Musayankhe Moni aliyense payekha, mukatero mukuwaphunzitsa kuti kugogoda kambiri ndi kumene kumatsegula chitseko. Ndiponso mwina kulemba kumawavuta. Ambiri ongoyamba amatha Moni yekhayo, chiganizo chachitali chimawatopetsa. Atumizireni uthenga wa mawu, muwauze kuti nawonso akhoza kudinikiza kamaikolofoni n'kulankhula.

Chilungamo Basi: Ndiye mayi wotopa kale asandukenso mphunzitsi wa alamu ake? Mng'ono wawo ali pomwepo, bwanji osawaphunzitsa iyeyo? Ndipo mukawaonetsa za mawuzo mudzalira. M'malo mwa Moni 6 mudzalandira mavoisi 6 a mphindi zisanuzisanu.

Mlembi Wopuma: Pa mavoisipo mwina mukunena zoona.

Wongodutsa: Ine ndikuona ngati akufuna kupempha kanthu koma akuchita manyazi. Moni wobwerezabwereza nthawi zambiri kumbuyo kwake kumakhala "tandibwerekani". Afunseni mosazungulira kuti alamu, pali nkhani?

Mayi a Mapasa: Kapenanso si iwo n'komwe. Munthu wongoyamba WhatsApp ndi amene amaberedwa msanga. Aimbireni pa foni wamba mumve mawu awo musanayankhe za ndalama zilizonse. Zikapezeka kuti si iwo, dinani Report, meseji zisanu zomaliza zimapita kwa eni WhatsApp.

Membala wosatchula dzina: Mute ndaika. Uthenga uja wa a Mlembi ndatumiza koma ndachotsamo "ingolembani yonse", ndinaona ngati ndikuwalamula. Awerenga, matiki ndi abuluu. Ayankha kuti "Ok". Kenako alembanso "Moni".

Mlembi Wopuma: Mwachotsa mawu enieniwo amene amagwira ntchito, mayi. Abwezeretseni, mungoyamba ndi "chonde".

Chilungamo Basi: Ndinanena ine.

Dona wa Ofesi: Koma abale, Keep chats archived ija ine sindikuipeza m'foni mwanga, ili pati kwenikweni?